Munaletsa Sabusikiripishoni Koma Akukudulanibe Ndalama: Zimachitika Bwanji, Nanga Ndalamazo Zingabwerere?

Mu Seputembala 2025 kampani ya Amazon inavomera kulipira madola 2.5 biliyoni pofuna kuthetsa mlandu umene bungwe la boma la America loteteza ogula, la Federal Trade Commission, linaisumira mu 2023. Bungweli linkati kampaniyo inkalowetsa anthu mu sabusikiripishoni ya Prime iwo asanamvetse bwino, ndipo njira yotulukiramo inali yokhotakhota mwadala. Pa ndalamazo, madola 1.5 biliyoni anali oti abwezedwe kwa makasitomala. Amazon sinavomere kuti inalakwa.

Ambiri amene anamva nkhaniyi anaganiza kuti tsopano aliyense amene akudulidwa ndalama ataletsa kale sabusikiripishoni azibwezeredwa. Sizili choncho. Mgwirizanowo unkakhudza kampani imodzi ndi makasitomala ake a ku America. Munthu wa ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Joni amene khadi yake ya ku banki ikudulidwabe ndi kampani ya pa intaneti ayenera kudziyendera yekha, ndipo zinthu ziwiri ndi zimene zimamupulumutsa: umboni wa tsiku limene analetsa, ndi kufulumira nthawi yodandaulira isanathe. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi mmene ndalamazi zimachokera mu akaunti mwini wake asanakhudze kanthu.

Kulipira kodzibwereza kokha

Sabusikiripishoni ndi mgwirizano woti muzilandira chinthu mosalekeza, kaya mafilimu, nyimbo, maphunziro kapena malo osungira zithunzi, ndipo muzilipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Chimene chimasiyanitsa masabusikiripishoni ambiri a pa intaneti ndi kulipira kumene tinazolowera n'chakuti sakufunsaninso. Amene amalipira dikoda pa foni amadziwa kuti akapanda kulipira, kanemayo amangozima. Pa intaneti zinatembenuka: mukakhala chete, ndiye kuti mwavomera, ndipo ndalama zichoka.

Malonda a mtunduwu ndi akale kuposa intaneti. Ku America, kampani yogulitsa mabuku ya Book-of-the-Month Club, imene inayamba mu 1926, inatchuka ndi njira yotumizira mamembala buku mwezi uliwonse pokhapokha ngati membalayo walemba kalata yokana. Amalonda amati njirayi imathandiza kasitomala kuti asamavutike kukumbukira tsiku lolipira, ndipo n'zoona kuti ambiri amaikonda. Oteteza ogula amati phindu lina la njirayi limachokera kwa anthu oiwala ndi olephera kutuluka. Mbali zonsezi zili ndi mfundo, ndipo mkanganowu sunathe mpaka lero.

Mgwirizano ndi chilolezo si chinthu chimodzi

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Tsiku limene munalembetsa, munachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, munapangana ndi kampaniyo kuti ikupatseni chinthu ndipo inu muzilipira. Chachiwiri, munaipatsa chilolezo choti izitenga yokha ndalama pa khadi yanu. Zili ngati mwapangana ndi munthu kuti azikugwirirani ntchito n'kumalandira ndowa imodzi ya chimanga pa mwezi, kenako n'kumupatsa kiyi wa chipinda chosungira chimangacho kuti azidzitapira yekha. Kumuuza kuti ntchito yatha n'kwina, kulanda kiyi n'kwinanso. Ngati uthenga woti ntchito yatha sunamufike, kapena waunyalanyaza, kiyi uja amatsegulabe.

Ndiye chifukwa chake kudula kwa mwezi ndi mwezi sikufuna nambala yachinsinsi ija imene banki imatumiza pa foni. Nambalayo mwina munaifunsidwa tsiku loyamba lokha. Kuchokera pamenepo kampani ndi imene imayambitsa malipiro, ndipo banki yanu imaona pempho lochokera kwa wamalonda amene munamuloleza kale. Banki siona zimene munakambirana ndi kampaniyo. Siidziwa kuti munaletsa pokhapokha mutaiuza.

Anthu ambiri akatopa amasankha kusintha khadi, poganiza kuti nambala yatsopano ithetsa zonse. Nthawi zina zimathekadi, koma si zodalirika. Visa ili ndi njira yotchedwa Visa Account Updater, ndipo Mastercard ili ndi Automatic Billing Updater. Kumene banki ndi kampani zonse zikugwiritsa ntchito njirazi, nambala ya khadi yatsopano imaperekedwa yokha kwa wamalonda amene anasunga yakale, n'cholinga choti anthu asamadulidwe mautumiki khadi ikatha nthawi. Choncho mukamasintha khadi chifukwa cha vutoli, auzeni a ku banki momveka kuti cholinga chanu n'kuletsa kampani yakutiyakuti, ndipo afunseni ngati nambala yatsopanoyo iperekedwe kwa amalonda akale.

Ena amangosiya akaunti ilibe kanthu. Kampani imayesanso masiku otsatira, ndipo tsiku limene malipiro a mwezi alowa, ndalama zija zimachoka. Komanso ngati mgwirizano sunathetsedwe, kampani ikhoza kumawerenga miyezi yosalipidwayo ngati ngongole. Kutseka khadi kumaletsa ndalama kutuluka koma sikuthetsa pangano. Muyenera kuchita zonse ziwiri.

Kodi munaletsadi, ndipo munaletsa kwa ndani?

Funsoli limapweteka munthu amene akudziwa kuti anadina batani, koma ndi funso loyamba limene kampani ndi banki adzafunse, ndiye ndi bwino kuliyankha nokha musanalembe kalata yaukali.

Kufufuta apu pa foni sikuletsa sabusikiripishoni. Apple ndi Google onse amanena zimenezi poyera. Ngati munalembetsa kudzera mu apu ya pa foni, nthawi zambiri amene amakudulani si kampani ya apuyo koma Apple kapena Google, ndipo kuletsa kumachitikira kwa iwowo. Pa iPhone mumalowa mu Settings, n'kudina dzina lanu, kenako Subscriptions. Pa foni ya Android mumatsegula Play Store, n'kudina chithunzi cha akaunti yanu, kenako Payments & subscriptions, kenako Subscriptions. Ngati sabusikiripishoniyo ikuonetsa tsiku limene idzadulenso, ikadali yamoyo. Ikaletsedwa imaonetsa tsiku limene idzathe. Yang'ananinso dzina limene lalembedwa pa sitetimenti ya banki. Likayamba ndi APPLE.COM/BILL, GOOGLE kapena PAYPAL, ndiye kuti ndalama zikudutsa kumeneko, ndipo kulembera kampani ya apuyo yokha kukhoza kungokutayitsani masabata.

Pali zifukwa zinanso zimene ndalama zimachokera popanda kampani kuphwanya pangano. Munthu amakhala ndi maakaunti awiri, ina pa imelo yakale, n'kuletsa yolakwika. Wina amadina batani loyamba, kampani n'kumuonetsa tsamba lomunyengerera ndi mtengo wotsika, iye n'kutseka osafika pa batani lomaliza. Wina amasankha kuimitsa kwakanthawi m'malo mothetsa, ndipo pakapita mwezi umodzi kapena itatu zimayambiranso zokha. Wina amaletsa mochedwa: Apple mwachitsanzo imalangiza kuletsa nthawi yoyeserera yaulere kutatsala maola osachepera 24 kuti ithe.

Chovuta kwambiri ndi mgwirizano wa chaka chonse wolipira mwezi ndi mwezi. Pa sikirini umaoneka ngati wa pamwezi, chifukwa mtengo wolembedwa ndi wa pamwezi, koma munalonjeza miyezi 12, ndipo kutuluka pakati kumakhala ndi chindapusa. Mu Juni 2024 boma la America linasumira kampani ya Adobe pa nkhani yotereyi, ponena kuti chindapusacho sichinkaonetsedwa bwino. Kwa inu phunziro lake n'lakuti mutsegule imelo imene munalandira tsiku lolembetsa ndi kuona ngati munagula mwezi kapena chaka. Ngati ndi chaka, dandaulo lanu lisintha: simunganene kuti akudulani popanda chilolezo, koma mukhoza kunena kuti sanakuuzeni momveka, ndipo mlandu umenewo ndi wovutirapo kupambana.

Zonsezi zikapanda kukukhudzani, ndipo muli ndi imelo kapena chithunzi cha pa sikirini chosonyeza kuti munaletsa tsiku lakutilakuti, ndalama zilizonse zodulidwa pa nyengo yotsatira ndi zanu, ndipo muli ndi chifukwa chomveka chozifunira.

Chitsanzo: miyezi itatu ya madola 9.99

Tiyerekeze mphunzitsi wa ku Zomba amene analembetsa maphunziro a pa intaneti ku kampani ya kunja, pa webusaiti ya kampaniyo, ndi khadi yake ya Visa. Mtengo ndi madola 9.99 pa mwezi, ndipo amadula pa 5 mwezi uliwonse. Pa 28 Febuluwale analetsa, ndipo imelo inabwera yonena kuti sabusikiripishoni yathetsedwa ndipo apitiriza kugwiritsa ntchito mpaka pa 4 Malichi. Mauthenga a banki pa foni yake amabwera mwa apo ndi apo, choncho sanaone kanthu mpaka pa 20 Meyi, pamene anatenga sitetimenti n'kupeza kuti anadulidwa pa 5 Malichi, pa 5 Epulo ndi pa 5 Meyi. Zonse pamodzi ndi madola 29.97. Ngati banki inkagulitsa dola pa K1,750, ndiye kuti mwezi uliwonse kunkachoka pafupifupi K17,500, ndipo miyezi itatuyo ndi ndalama zopitirira K52,000, osawerengera zimene banki imadula pa malipiro a kunja. Kwa mphunzitsi, zimenezi si ndalama zongozisiya.

Chinthu choyamba chimene ayenera kuchita n'kusonkhanitsa umboni asanakhudze akauntiyo. Asunge imelo ya pa 28 Febuluwale yonse, yoonetsa tsiku ndi amene anatumiza. Alowe mu akaunti kamodzi kokha, apite pa tsamba la malipiro, ajambule zimene likuonetsa. Ngati likuti sabusikiripishoni ikadalipo, ajambule kaye, kenako aletsenso ndi kujambulanso. Asatsegule phunziro ngakhale limodzi. Mfundo imeneyi ambiri saidziwa: kampani imasunga mbiri ya tsiku lililonse limene munthu wagwiritsa ntchito akaunti, ndipo ikasonyeza kuti kasitomala ankaphunzirabe mu Epulo, idzati analandira zimene analipira.

Chachiwiri n'kulembera kampani, pa imelo kapena pa fomu ya madandaulo, osati pa foni yokha, chifukwa mawu a pa foni sasiya umboni. Akamacheza nawo pa webusaiti, ajambule zokambiranazo asanatseke. Kampani ya kunja idzafuna Chingerezi, koma kalatayo siifunika luso. Ikhale yaifupi: imelo ya akauntiyo, tsiku limene analetsa, masiku atatu amene anadulidwa ndi ndalama zake, manambala anayi omaliza okha a khadi. Kenako apemphe zinthu zitatu momveka, kuti abweze madola 29.97 pa khadi yomweyo, kuti achotse khadiyo m'makompyuta awo, ndiponso kuti atsimikize zonsezi polemba. Aike tsiku lomalizira, tinene masiku 14, ndipo anene kuti tsikulo likadutsa akadandaula ku banki yake. Kukalipa sikuwonjezera kanthu. Wowerenga kalatayo nthawi zambiri ndi wantchito wamba amene ali ndi mphamvu yobweza ndalama ngati umboni uli poyera, ndipo chimene akufuna ndi masiku ndi manambala.

Yankho likhoza kubwera m'njira zingapo. Akhoza kubweza zonse. Akhoza kubweza mwezi womaliza wokha ponena kuti malamulo awo salola kubweza za m'mbuyo. Akhozanso kupereka miyezi yaulere m'malo mwa ndalama. Mphunzitsiyu ali ndi ufulu wolandira chilichonse mwa izi, koma adziwe kuti akavomera miyezi yaulere kapena gawo la ndalama ngati mapeto a nkhani, kampani idzaonetsa banki kuti anagwirizana kale. Ngati akufuna zonse, alandire gawolo n'kulemba kuti zotsalazo akuzifunabe. Mfundo yoti malamulo a kampani salola kubweza imagwira ntchito kwa munthu amene wasintha maganizo atagula. Kwa amene anadulidwa ataletsa kale, nkhani si kusintha maganizo, koma kuti chilolezo chinali chitachotsedwa.

Chachitatu, tsiku lomwelo, osadikira yankho, apite ku banki kapena alembere banki kuti iletse kampaniyo kudula pa 5 Juni. Kufuna ndalama zakale ndi kuteteza za mwezi wamawa ndi ntchito ziwiri, ndipo yachiwiriyi ili ndi tsiku lake loyandikira.

Chajibaki: pamene banki ikukatenga ndalama m'malo mwanu

Kampani ikakana kapena ikangokhala chete, pamatsala njira imene a mabanki amaitcha chajibaki. Banki yanu imakweza dandaulo kudzera kwa Visa kapena Mastercard kupita ku banki ya kampaniyo, ndipo ndalamazo zimatengedwa kwa wamalonda n'kubwerera kwa inu. Chiyambi chake ndi lamulo la ku America la mu 1974, la Fair Credit Billing Act, limene linapatsa eni makhadi angongole ufulu wotsutsa zolakwika pa bilu. Makampani a makhadi anakonza malamulo awoawo okhudza mikangano yotere, ndipo malamulowo amagwira ntchito kulikonse kumene khadi ili ndi chizindikiro chawo, kuphatikizapo makhadi otengera ndalama mu akaunti amene mabanki athu amapereka. Ndiye chifukwa chake mphunzitsi wa ku Zomba akhoza kufikira kampani imene ilibe ofesi m'Malawi. Koma chajibaki si khothi ndipo si lamulo la dziko. Ndi malamulo a mabungwe a makhadi, ndipo banki yanu ndi imene imatsegula khomo.

Dandaulo lililonse limaikidwa m'gulu lake. Ku Visa, gulu la nkhani yathuyi ndi nambala 13.2, lotchedwa Cancelled Recurring Transaction, ndipo Mastercard imaika nkhani zotere pansi pa nambala 4853. Kutchula gululi kumathandiza ngati wantchito wa pa kauntala sanakumanepo ndi nkhani yotere. Pemphani fomu yotsutsira malipiro a pa khadi, ndipo ngati pa nthambi sakuidziwa, pemphani kuti akulumikizeni ndi dipatimenti ya makhadi.

Cholakwika chimene chimagwetsa milandu yambiri n'kunena kuti akuba andibera, kapena kuti kampaniyi sindikuidziwa. Munthu amatero chifukwa cha mkwiyo, kapena poganiza kuti banki ifulumira. Dandaulolo limalowa m'gulu la chinyengo, kampani n'kuonetsa kuti munthu yemweyu analembetsa yekha ndipo analipira miyezi ingapo osadandaula, basi mlandu wagwa. Nenani zimene zinachitikadi: ndinalembetsa, ndinaletsa pa 28 Febuluwale, anapitiriza kudula.

Nthawi ndi yowerengeka. Pa gulu limeneli malire ake nthawi zambiri ndi masiku 120 kuchokera tsiku limene malipirowo anadutsa, ndipo malipiro aliwonse amawerengedwa paokha. Kwa mphunzitsi uja, masiku 120 a ndalama za pa 5 Malichi amatha cha pa 3 Julayi. Iye wazindikira pa 20 Meyi, ndiye akapatsa kampani masiku 14 afika pa 3 Juni, ndipo watsala ndi mwezi umodzi. Mwezi umenewo si wake wonse, chifukwa banki nayo imafuna nthawi yokonza mapepala, ndipo mabanki ena amaika malire awo aafupi. Akalola kampani kumamuyankha kuti tikufufuza, dikirani, mpaka mu Julayi, ndalama za Malichi zidzakhala zitadutsa malire ngakhale umboni wake uli wangwiro. Amene wazindikira patapita chaka akhoza kupeza miyezi inayi yomaliza kudzera ku banki, koma yotsalayo imadalira kampaniyo, bungwe loteteza ogula kapena khothi.

Banki ikakweza dandaulo, kampani imapatsidwa mpata woyankha. Ikhoza kusonyeza kuti inabweza kale, kuti kasitomala anapitiriza kugwiritsa ntchito, kapena kuti tsiku loletsa linali lina. Zonsezi zimatenga masabata angapo, nthawi zina miyezi. Mabanki ena amabwezeratu ndalama mongoyembekezera, ndipo mlandu ukagwa amazichotsanso, choncho funsani ngati zimene zalowazo ndi zomaliza.

Ngati kampani yalemba kuti yabweza koma mu akaunti mulibe kanthu, musayambe ndi kuganiza kuti akunama. Ndalama zobwerera pa khadi zimatenga masiku angapo a ntchito. Pemphani kampaniyo nambala yotchedwa ARN, ya manambala 23, imene banki yanu ingagwiritse ntchito pofufuza pamene ndalamazo zaima. Pakatha masiku 15 zisanafike, Visa ili ndi gulu lina la dandaulo, la nambala 13.6, la ndalama zolonjezedwa koma zosabwezedwa, ndipo imelo ya lonjezo ija ndiyo umboni wake.

Chenjezo limodzi kwa amene amadulidwa kudzera kwa Apple kapena Google: yambani ndi njira zawo zopemphera ndalama, monga reportaproblem.apple.com kapena tsamba la madandaulo la Google Play. Chajibaki yolunjika kwa iwo ikhoza kuchititsa kuti akaunti yanu yogulira iimitsidwe, ndipo akaunti imeneyo ndi yomwe ili ndi maapu ena onse amene munagula.

Zobwerera sizifanana ndendende ndi zimene zinachoka

Kampani inalandira madola ndipo imabweza madola. Makwacha amene alowe mu akaunti amadalira mtengo wa tsiku lobweza, komanso banki imagulitsa dola pa mtengo wina n'kugula pa mtengo wotsikirapo. Choncho mphunzitsi uja akhoza kulandira zocheperako pang'ono ngakhale kampani itabweza madola onse 29.97. Mtengo wa kwacha ukasintha kwambiri pakatipo, monga mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, makwacha obwerera akhoza kuposa amene anachoka. Ndalama zimene banki inadula pa malipiro a kunja sizili m'manja mwa kampaniyo, ndipo kuzipempha n'kwa ku banki, padera.

Malamulo amasiyana malinga ndi kumene muli

Amene ali ku Britain ali ndi chitetezo cholembedwa momveka. Banki imayenera kuletsa malipiro obwerezabwereza a pa khadi kasitomala akaiuza, ngakhale asanalankhule ndi kampani, bola auze banki pofika kumapeto kwa tsiku la ntchito lotsogolera tsiku lodula. Ndalama zikachokabe, zimatengedwa ngati zosaloledwa ndipo banki imayenera kubweza. Munthu ali ndi miyezi 13 yoti adandaule za malipiro osaloledwa, ndipo banki ikakana akhoza kupita kwaulere ku Financial Ombudsman Service, bungwe lomva madandaulo a makasitomala a mabanki.

Ku South Africa, lamulo la Consumer Protection Act la mu 2008 limalola wogula kuthetsa mgwirizano wa nthawi yoikika popereka chidziwitso cha masiku 20 a ntchito, ngakhale kampani ikhoza kufuna chindapusa choyenera. Abale amene ali ndi makontirakiti a foni kapena a malo olimbitsira thupi kumeneko awerenge tsiku loletsa mogwirizana ndi masiku 20 amenewa, chifukwa ndalama zodulidwa mkati mwa chidziwitsocho zikhoza kukhala zovomerezeka.

Ku Malawi, dandaulo lokhudza banki limayambira ku banki yomweyo, polemba, ndipo sungani kope lodindidwa kapena nambala ya dandaulo. Banki ikapanda kuthandiza, nkhani imapita kwa Mlembi wa Mabungwe a Zachuma, amene ali ku Reserve Bank of Malawi. Ngati kampani yodulayo ikuchita malonda m'dziko muno, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo lamulo latsopano la mu 2024 linaliwonjezera mphamvu zolipiritsa chindapusa. Zodula mayunitsi a foni chifukwa cha nyimbo kapena mauthenga amene munthu analetsa sizidutsa pa khadi, choncho chajibaki siikhudza. Zimenezo zimayambira ku kampani ya foni, kenako ku MACRA.

Zimene sizinayankhidwebe

Funso loyamba ndi lakuti kuletsa kuyenera kuphweka motani. Mu Okutobala 2024 Federal Trade Commission inakhazikitsa lamulo loti kuletsa kukhale kosavuta monga kulembetsa, koma mu Julayi 2025 khothi la apilo linalithetsa lisanayambe kugwira ntchito mokwanira, ponena kuti bungweli linadumpha ndondomeko yofunika polikonza. Khothi silinagamule kuti mfundo yakeyo ndi yolakwika. Amalonda amati ali ndi ufulu wofunsa kasitomala chifukwa chochokera ndi kumupatsa mtengo wotsika asanapite. Oteteza ogula amafunsa kuti masamba angati onyengerera ndi amene asanduka chotchinga. Malire ake sanagwirizanidwe.

Lachiwiri ndi la umboni. Kampani ndi imene ili ndi mbiri yonse ya mabatani amene kasitomala anadina, koma kasitomala ndi amene amafunsidwa kusonyeza kuti analetsa. Amene sanalandire imelo yotsimikizira, ndipo sanajambule kanthu, amatsala ndi mawu ake okha. Amalonda nawo amadandaula kuti anthu ena amagwiritsa ntchito chinthu mwezi wonse kenako n'kukanena ku banki kuti analetsa, ndipo chajibaki iliyonse imawadyera ndalama zina pamwamba pa zobwezedwazo. Kodi mtolo wa umboni uyenera kukhala pa ndani?

Lachitatu likutikhudza ife kwambiri. Bungwe la boma la ku Lilongwe kapena ku Lusaka lingaitane kampani imene ili ndi ofesi m'dzikomo, koma lingakakamize bwanji kampani ya kutsidya kwa nyanja imene ilibe wantchito ngakhale mmodzi kuno? Pakadali pano chingwe chachikulu chimene chimafika kumeneko ndi malamulo a Visa ndi Mastercard, amene makasitomala sanawalembe ndipo sangawagwiritse ntchito okha popanda banki. Ngati mabanki athu ayenera kukakamizidwa ndi lamulo kuletsa malipiro otere kasitomala akangopempha, monga zilili ku Britain, komanso kubweza okha pamene alephera kuletsa, ndi nkhani imene opanga malamulo, mabanki ndi mabungwe a ogula ayenera kukambirana.